Musanalipire kanema wa simati, yezani khoma ndi bandulo

Msuweni wanga wina amachita lendi nyumba ya chipinda chimodzi ndi balaza ku Ndirande. Atalandira ndalama za chipeleganyu, anakagula kanema wa mainchi 55. Pofika naye kunyumba, miyendo ya kanemayo inapitirira katebulo mbali zonse ziwiri, ndipo anatha masabata angapo ali pansi, atatsamira khoma, anthu akumulambalala popita kuchipinda.

Mainchi olembedwa pakatoni sayeza m'lifupi ayi. Amayeza mopingasa, kuchokera pangodya ya pansi kukafika pangodya ya pamwamba ya mbali inayo. Kanema wa mainchi 32 amatenga masentimita pafupifupi 71 m'lifupi, wa 43 pafupifupi 95, pomwe wa 55 amafika 122, osawerengera chimango. Choncho musananyamuke, tengani tepi muyeze tebulo kapena khoma, muyezenso kuchoka pampando kufika pomwe kanema adzakhale. Ngati pali mita imodzi ndi theka, wa 32 akukwanirani. Pa mamita awiri, wa 43 amakhala bwino. Wamkulu kuposa pamenepo m'kabalaza kakang'ono, mpira mudzauonera mukutembenuza khosi ngati muli kumbuyo kwa golo.

Ogulitsa amakonda kutchula 4K. N'zoona kuti chithunzi chake chili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa Full HD, koma pa kanema wamng'ono, mutakhala mamita awiri, diso silisiyanitsa kwenikweni. Komanso 4K imadya. Apa ndiye pagona nkhani yomwe oyamba kugula saiganizira: usimati wonse wa kanemayu umayendera intaneti. Malinga ndi Netflix, ola limodzi limatha kudya mpaka 1GB pa chithunzi wamba, 3GB pa HD, ndi 7GB pa 4K. Tinene kuti banja likuonera maola awiri madzulo alionse pa HD. Ndiye 6GB patsiku, 180GB pamwezi. Mukatsitsa chithunzi n'kufika pa wamba, ndi 60GB. Yerekezani ndi bandulo yomwe mumagula pafoni. Ngati masamu akukana, ndiye kuti masiku ambiri mudzadalira dikoda ya GOtv, DStv kapena Kiliye Kiliye, ndipo chofunika kwambiri kwa inu ndi mabowo a kumbuyo. Onetsetsani kuti a HDMI alipo awiri kapena atatu, ndi la USB loikapo fulashi. Ngati dikoda yanu ndi yakale ya zingwe zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira, funsani ngati polowera pake palipo, chifukwa makanema ena atsopano alibe. Kanema wopachika pakhoma amafunanso mabowo oloza cham'mbali. Oloza kumbuyo amapanikiza chingwe.

Kenaka muuzeni wogulitsa ayatse kanema yemweyo amene mutenge, osati wachionetsero. Tsegulani Hotspot pafoni yanu, mulumikize, mutsegule YouTube. Makanema a Samsung amayendera Tizen, a LG webOS, ambiri a Hisense VIDAA, ena Google TV kapena Android TV. Koma alipo otchipa omwe anangowaika Android ya pafoni. Mudzawadziwa msanga: mapulogalamu amachedwa kutseguka, ena amafuna kukhudza ndi chala pomwe inu muli ndi rimoti, ndipo Netflix imakana kapena imaonetsa chithunzi chosalongosoka. Lowaninso mu Settings, pezani pomwe pali nambala ya mtundu wake, muifananize ndi yolembedwa kumbuyo kwa kanema ndi pakatoni. Zikasiyana, bwezani ndalama m'thumba. Dzina la kampani lomata kutsogolo aliyense angamate.

Ine ndimapita ndi fulashi yokhala ndi zithunzi ziwiri, china choyera mbee, china chakuda bii. Pa choyera mumaona timadontho takufa, takuda ngati nyerere, tosasuntha. Pa chakuda mumaona ngati kuwala kukutayikira m'ngodya. Wogulitsa amayamba kukuonani ngati ovuta, koma ndi mphindi ziwiri zokha. Kwezaninso mawu mpaka patali ndithu mumve ngati chimango chikunjenjemera, poti masipika a makanema opyapyalawa ndi aang'ono.

Za magetsi musaiwale. Akazima n'kubwerera mwamphamvu, chomwe chimakonda kupsa ndi bolodi ya magetsi m'kati mwa kanema, ndipo mawaranti ambiri salipira zotero. Ikani pabajeti kachipangizo kotetezera komwe kamachedwetsa magetsi kulowa akangoyaka. Ngati muli pa sola, werengani mawati olembedwa pachipepala cha kumbuyo. Wa mainchi 32 nthawi zambiri amadya pakati pa 30 ndi 50, ndipo wa 55 amatha kupitirira 100.

Pa risiti palembedwe nambala ya mtundu ndi nambala ya kanema wanuyo, pamodzi ndi miyezi ya waranti. Funsaninso komwe amakonzera akawonongeka, chifukwa waranti yoti mukakonzetse ku Joni sikuthandizani. Katoni musataye msanga. Ndi momwe mudzamunyamulire pobweza, kapena tsiku lomwe landilodi adzati samukani.