Kasungidwe ka vinyo ndi mowa m'madera otentha

Vinyo ndi mowa wa m'mabotolo zimawonongeka ndi zinthu zitatu: kutentha, kusinthasintha kwa kutenthako, ndi kuwala. M'mayiko a ku Ulaya vinyo amasungidwa m'zipinda zokumbidwa pansi, momwe mumakhala madigiri 12 mpaka 14 chaka chonse. Pakhomo popanda chipinda chotere, cholinga chimakhala kupeza malo amdima omwe kutentha kwake sikusinthasintha.

Zomwe kutentha kumachita

Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, chakumwa chimasintha kakomedwe mofulumira pafupifupi kawiri. Kukapitirira madigiri 30, vinyo amakhala ngati waphikidwa: mtundu wake umaderako ndipo amakoma ngati zipatso zowiritsa. Vinyo akatentha amafufuma n'kukankha chotsekera cha khungwa la mtengo, ndipo akazizira botolo limakoka mpweya wakunja. Chotsekera chotumphuka kapena madontho omata pakhosi pa botolo ndi zizindikiro zakuti latenthedwa.

Mowa ukakhalitsa potentha umamveka fungo la katoni. Dzuwa limauwononga msanga kuposa apa, chifukwa limasintha hopusi, chomera chomwe chimaupatsa kuwawa, n'kutulutsa fungo lonunkha. Botolo loderako limateteza bwino kuposa lobiriwira kapena loonekera mkati.

Kusankha malo

M'nyumba ya malata ya ku Nsanje, komwe mu Okutobala kunja kumatha kupitirira madigiri 40, pamwamba pa kabati ndi m'khitchini ndi malo oipa kwambiri, popeza mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Malo abwino ndi pansi pa simenti, m'chipinda chapakati, kutali ndi khoma lowombedwa dzuwa lamadzulo. Mabotolo amasiyidwa m'katoni yake. A chotsekera cha khungwa amagonekedwa kuti chisaume, pomwe a chotsekera chopotokola ndi a mowa amaimikidwa. Ngakhale zili choncho, malowa ndi a masabata owerengeka chabe, choncho ndi bwino kugula pang'onopang'ono.

Firiji ndi mitsuko

Firiji, yomwe imakhala pa madigiri 3 mpaka 5, ndi yabwino kuposa chipinda chotentha, ngakhale kwa vinyo wofiira. Vinyo wotsegulidwa kale amakhalamo masiku atatu mpaka asanu ali wotseka. Magetsi akazima, mowa womwe wafunda suwonongeka ukaziziritsidwanso.

Popanda magetsi, mabotolo amaikidwa mumtsuko waung'ono womwe uli mkati mwa waukulu. Pakati pa mitsukoyi pamathiridwa mchenga wonyowa, pamwamba n'kuphimba ndi nsalu yonyowa. Madzi akamauma amachotsa kutentha, ndiye mchengawo umafunika kunyowetsedwa m'mawa ndi madzulo. Njirayi imathandiza m'chilimwe, pamthunzi podutsa mphepo, koma m'dzinja mphamvu yake imachepa chifukwa mpweya umakhala ndi chinyezi kale.

Mowa wamasese

Masese ndi chibuku sizisungika motere chifukwa zimakhala zikuwirabe. Zimasasa pakangopita masiku ochepa, ndipo zikatsekeredwa m'botolo lopanda potulukira mpweya, botolo limatha kuphulika.