Manjano a m'kapusozi ndi tsabola wakuda: zomwe wogula ku Domasi ayenera kudziwa

Mukathyola muzu wa manjano wongokumba kumene, zala zimasanduka zachikasu mpaka mawa, ndipo ukadontha pa malaya oyera mwiniwake amadziwa kuti kuchapa kwa lero n'kwa ntchito. Amayi ambiri a m'chigwa cha Domasi, pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, amaudziwa muzuwu ngati chokometsera mpunga ndi ndiwo, ndipo ufa wake amaugula m'timapepala ku Songani kapena mu msika waukulu wa Zomba. Koma masiku ano manjano omwewo akubwera atavala zina. Ali m'mabotolo a makapusozi, ena m'mafamase, ena m'zikwama za anthu oyenda ku Joni, ena kwa ogulitsa pa WhatsApp, ndipo ogula ambiri ndi anthu a msinkhu, odandaula mawondo ndi msana. Wogulitsa akafuna kutsimikizira kuti botolo lake ndi lenileni, amaloza pomwe palembedwa kuti muli tsabola wakuda, n'kunena kuti uyu ndiye amalowa m'thupi msanga.

Sakunama, koma pali zina zomwe sanena, mwina chifukwa nayenso sakuzidziwa.

Chomwe chimapatsa manjano mtundu wake ndi mankhwala otchedwa kekyumini, ndipo mu ufa wouma amakhalamo ochepa, pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse. Zomulepheretsa kulowa m'thupi zilipo zitatu, ndipo choyamba n'chakuti kekyuminiyu sagwirizana ndi madzi. Thirani ufa wa manjano m'kapu ya madzi ozizira, mutakase, muusiye: pakapita nthawi umakhazikika pansi ngati matope. Uthireni m'mafuta ophikira otentha, muona mafuta onse akusintha mtundu. M'matumbo mwathu chinthu chimayenera chisungunuke kaye kuti chidutse khoma la matumbo n'kulowa m'magazi, ndiye kekyumini wambiri amene munthu wameza amangodutsa n'kutuluka ndi chimbudzi. Kuno sitikudabwa nazo zimenezi. Aliyense amene analandirapo LA wa malungo anauzidwa kuti amwere mkaka kapena adye chakudya cha mafuta, chifukwa mankhwala amodzi mwa awiri a mu LA nawonso salowa bwino m'thupi popanda mafuta.

Chachiwiri, kekyumini sachedwa kuphwanyika akakhala m'malo osawawasa. Mukapaka sopo pa banga la manjano, kapena ufa wake ukakumana ndi soda wa m'therere, chikasu chija chimafiira pompo. M'chifu, momwe muli asidi, kekyumini amapirira, koma m'matumbo aang'ono momwe asidi amatha mphamvu, wina amayamba kuwonongeka asanapeze njira.

Chachitatu ndicho chachikulu. Wochepa amene wadutsa uja sapita m'thupi molunjika. Magazi onse ochokera m'matumbo amayamba adzera ku chiwindi, ndipo khoma la matumbo ndi chiwindi zili ndi ntchito yogwira zinthu zachilendo n'kuzimatiza kachidutswa kofanana ndi shuga, kuti zisungunuke m'madzi ndi kutayidwa kudzera mu ndulu ndi mkodzo. Kekyumini amagwidwa msanga kwambiri. Mu 2006, ofufuza a ku yunivesite ya Michigan ku America anapatsa anthu 24 kekyumini pa milingo yosiyanasiyana, kuyambira mamiligalamu 500 mpaka 12,000 nthawi imodzi. Mwa onse amene anamwa mpaka mamiligalamu 8,000, palibe mmodzi yemwe anapezeka ndi kekyumini m'magazi. Anaoneka pang'ono mwa anthu awiri okha, a m'magulu omwe anamwa 10,000 ndi 12,000.

Apa ndi pomwe tsabola wakuda amalowera. Tisasokoneze ndi kambuzi kapena tsabola wina wofiira wa m'dimba, chifukwa kuwawa kwa amenewo kumachokera ku mankhwala ena. Tsabola wakuda, wa timbewu tozungulira uja, ali ndi piperini, ndipo piperini amachedwetsa ntchito yomatiza ija m'matumbo ndi m'chiwindi. Mu 1998, ku St. John's Medical College mu mzinda wa Bangalore ku India, amuna ochepa athanzi anamwa magalamu awiri a kekyumini yekha, ndipo m'magazi mwawo munalibe chooneka kapena munali kochepetsetsa. Atamwa mlingo womwewo pamodzi ndi mamiligalamu 20 a piperini, kekyumini anakwera kwambiri mu ola loyamba. Ofufuzawo anawerengetsa kuti kulowa kwake kunachuluka ndi 2,000 peresenti, ndipo nambala imeneyi ndi imene yakhala ikugulitsa mabotolo padziko lonse kuyambira nthawiyo.

Nambalayi imafuna kuimvetsa modekha. Ikutanthauza kuchuluka pafupifupi ka 20, koma kuchulukitsa chinthu chomwe poyamba sichinkaoneka n'komwe. Kukwerako kunali kwa kanthawi, ndipo posakhalitsa mlingo unatsikanso. Anthu oyesedwa sanapose khumi, ndipo pakati pa olemba kafukufukuyo panali anthu a kampani ya Sami, yomwe imapanga piperini wogulitsidwa pa dzina la BioPerine. Izi sizikuthetsa zomwe anapeza, pakuti kuti piperini amachedwetsa chiwindi n'zotsimikizika. Koma kafukufukuyo anayeza za m'magazi basi, sanayeze ngati bondo la munthu linasiya kupweteka.

Tiyerekeze mphunzitsi wopuma pa ntchito wa ku Domasi, wolemera makilogalamu 60, mawondo akumuvuta akamakwera chitunda pochokera ku tchalitchi. Patsogolo pake pali mabotolo awiri, onse olembedwa mamiligalamu 500 pa kapusozi. Loyamba ndi ufa wa muzu wamba wothiridwa m'kapusozi, ndipo kekyumini wake ndi pafupifupi mamiligalamu 15. Mlingo umenewu ndi womwe angaupeze m'mbale yake ngati mayi a kunyumba athira supuni yaing'ono imodzi ya ufa mu mphika wa anthu asanu ndi mmodzi. Pa botolo limeneli wangolipira mtengo wa pulasitiki. Lachiwiri lalembedwa 95%, kusonyeza kuti kekyumini anachita kumuyenga ku fakitale, ndipo kapusozi mmodzi ali ndi mamiligalamu 475, kuposa woyamba uja ka 30 ndi kupitirira. Akamamwa awiri pa tsiku ndiye 950.

Tsono akatswiri a mabungwe a WHO ndi FAO anaika malire a kekyumini amene munthu angadye tsiku ndi tsiku moyo wake wonse popanda nkhawa: mamiligalamu atatu pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa mphunzitsi wathuyu ndi 180. Makapusozi awiri aja apitirira malirewa kasanu. Malirewo anaikidwa poganizira kekyumini wa m'zakudya, amene thupi limamutaya lokha, osati wothandizidwa ndi piperini kuti akhalitse.

Kodi bondo lipepukako? Mwina pang'ono. Mu 2020, kafukufuku wa ku Tasmania ku Australia, wa anthu 70 odwala nyamakazi ya m'mawondo, anapeza kuti amene anamwa makapusozi a manjano kwa milungu 12 ululu unawachepera kuposa amene anamwa makapusozi opanda mankhwala, koma kutupa kwa m'kati mwa bondo sikunasinthe atakujambula. Phindu lake ndi la msinkhu umenewo. Wokuuzani kuti manjano amachiza khansa, shuga kapena kachilombo akukuberani.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si ndalama yotayika. Piperini ali ngati munthu wogoneka mlonda wa pachipata: mlonda akagona, salowa mlendo woitanidwa yekha. Njira zomwe piperini amachedwetsa ndi zomwezo zimene thupi limachotsera mankhwala ambiri a kuchipatala. Kafukufuku wa ku India anaonetsa kuti mamiligalamu 20 a piperini amakweza mlingo wa fenitoini ndi kabamazepini, mankhwala a khunyu, ndiponso nevirapini, amene ambiri kuno tikumudziwa. Amakwezanso rifampisini wa TB, moti ku India komweko anapanga mankhwala a TB otchedwa Risorine, momwe anachepetsa rifampisini n'kuikamo piperini mwadala. Dolutegilaviya, amene ali m'ma ARV omwe Amalawi ambiri akumwa kuyambira 2019, thupi limamuchotsa makamaka pa njira yomatiza yomwe ija. M'dera ngati lathu, momwe nyumba zambiri muli wina wolandira mankhwala a mwezi ndi mwezi ku chipatala cha Domasi kapena ku St. Luke's ku Malosa, botolo la tsabola wakuda si lomwa mwakachetechete dokotala osadziwa. Chimodzimodzi amene ali pa wafarini wochepetsa kuundana kwa magazi, amene ali ndi miyala mu ndulu, ndi amayi oyembekezera: awa makapusoziwa awaleke.

Palinso chiwindi chenichenicho. Mu 2019 dziko la Italy linalandira malipoti oposa 20 a anthu otupa chiwindi atamwa makapusozi a manjano, ambiri mwa iwo okhala ndi piperini. Ku America, madokotala otsata za mankhwala ovulaza chiwindi anafotokoza za odwala khumi otere, asanu anagonekedwa ndipo mmodzi anamwalira. Asanu ndi awiri mwa khumiwo anali ndi chibadwa chofanana m'magazi, kusonyeza kuti vutoli limasankha anthu, ndipo palibe angadzidziwe pongodziyang'ana. Mu 2023 boma la Australia nalo linachenjeza nzika zake. Poyerekeza ndi unyinji wa anthu omwa makapusoziwa, ovulala ndi ochepa, koma manjano a mu ndiwo sanali pa mlandu m'machenjezo onsewa.

Vutoli silibwera tsiku loyamba. Kawirikawiri limaoneka pakatha mwezi umodzi mpaka inayi, munthu atazolowera botolo mwakuti saliganiziranso. Amayamba kufooka, chakudya osachifuna, nseru, thupi kuyabwa, mkodzo kuda ngati tiyi wopanda mkaka, kenako maso kuchita chikasu. Kuno zizindikiro zoyambazo timathamangira kuti ndi malungo, ndipo wina amaonjezapo panado, amenenso amadzera ku chiwindi komweko. Woona zotere asiye makapusozi tsiku lomwelo, apite kuchipatala atanyamula botolo lenilenilo, ndipo anene yekha kuti wakhala akumwa, chifukwa ambiri akafunsidwa za mankhwala amatchula a kuchipatala okha, poganiza kuti za zitsamba siziwerengedwa. Kuyeza magazi kumaonetsa ngati chiwindi chavulala, ndipo ambiri amachira akangosiya msanga.

Wofuna manjano chifukwa cha kukoma kwake, kapena pofuna kuyesa ngati angamuthandize pang'ono, mphika ukumukwanira. Akazinge supuni yaing'ono ya ufa m'mafuta pamodzi ndi anyezi asanathire tomato, kapena authire mu ndiwo zotendera, poti nsinjiro zili ndi mafuta okwanira, ndipo asaike mu ndiwo za soda. Kuwaza tsabola wakuda pang'ono mu mphika wa banja lonse kumapatsa aliyense piperini wochepa kwambiri poyerekeza ndi mamiligalamu 20 a ku Bangalore aja. Amene wasankhabe makapusozi agule ku famase yovomerezedwa ndi bungwe la PMRA, akane botolo losalembedwa mlingo, dzina la wopanga ndi tsiku lothera ntchito, ndipo alionetse kaye kwa amene amamulembera mankhwala ake ena asanatsegule chivindikiro.