Desiki yopanda munthu isasunthidwe

Ofesi ya MANEB ku Zomba ikatumiza mndandanda wa olemba mayeso a MSCE, ntchito yoyamba ya oyang'anira mayeso imakhala yokonza holo. Mwana aliyense ayenera kupeza malo ake atalembedwa kale, ndipo malowo ajambulidwe papepala. Pepala limeneli ndi mapu a holo. Limatalikitsa anzawo ozolowerana, komanso limaulula msanga amene wajomba.

Titenge holo ya mamita 15 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, momwe mulembere ana 60 a Fomu 4 ochokera m'sukulu ziwiri zoyandikana, 30 uku ndi 30 uku. Mabungwe a mayeso a ku Britain amalamula kuti kuchokera pakati pa mpando wina kufika pakati pa unzake pakhale mamita 1.25 kapena kuposerapo, ndipo muyeso umenewu ndi wothandiza kulikonse. Madesiki 10 ondondozana amadya mamita 11.25, choncho kutsogolo kumatsala malo a tebulo la oyang'anira ndi wotchi. Mizere yotere ikakhala 6, yotalikirana mamita 1.5, munthu amadutsa pakati osagunda chigongono cha wolemba. Ngati madesiki ndi aja okhalapo awiri, pakhale mwana mmodzi yekha, ndipo onse akhale mbali yofanana. Wina akakhala kumanja, wa mzere winawo n'kukhala kumanzere, mpata uja watha.

Mizereyo imapatsidwa zilembo, A mpaka F. Sukulu yoyamba itenge A, C ndi E, yachiwiri itenge B, D ndi F. Potero amene ali kumanja ndi kumanzere kwa mwana ndi mlendo, osati mnzake amene amawerengera naye limodzi usiku. Kuponyerana likasa ndi munthu wosamudziwa n'kovuta. Mumzere, manambala atsatane kuchokera kutsogolo: A akhale ndi 001 mpaka 010, C akhale ndi 011 mpaka 020, E amalize ndi 021 mpaka 030. Nambala ilembedwe pakapepala komata pakona ya desiki, chifukwa choko chimafufutika ndi mkono pasanathe ola.

Njirayi ili ndi malire ake. Wakutsogolo ndi wakumbuyo amakhalabe a sukulu imodzi, ndipo mndandanda ukatsata maina, a Phiri angapo, mwina abale enieni, amandandalikana. Apa chothandiza ndi mpata uja ndi woyang'anira mmodzi woima kumbuyo kwa holo, komwe olemba sadziwa kuti akuyang'ana ndani.

Phindu lalikulu la mapu limaoneka mayeso akayamba. Woyang'anira aona kuti desiki yachinayi mumzere C ilibe munthu. Safunika kuitana maina ndi kusokoneza anthu. Ayang'ana pamapu, apeza kuti C4 ndi 014 wa sukulu yoyamba, adula mtanda pabokosi lake, kenako alemba m'kaundula kuti sanabwere.

Vuto limayamba pamene wina, pofuna kuti holo ioneke yaudongo, auza ana kuti asendere kutsogolo, kapena achotsa desiki yopanda munthuyo. Tinene kuti 015 wasendera pa C4. Tsopano malo opanda munthu ndi C5, ndipo mtanda ugwera 015 amene ali pomwepo akulemba, pamene 014 amene ali kunyumba aoneka ngati analemba. Kuwerenga mitu sikungagwire cholakwikachi. Ngati ojomba ndi atatu, ana 57 ndi mapepala 57 zigwirizana ndithu. Chimene chimaulula ndi kuyala mapepala motsata manambala: pepala la 015 lilipo pomwe kaundula akuti kulibe, la 014 silikuoneka. Zikadutsa osazindikirika mpaka envulopu itamatidwa, kukonza kwake kumafuna makalata ndi umboni, mwana akudikira zotsatira.

N'chifukwa chake woyang'anira amayenda desiki ndi desiki, kufananiza zinthu zitatu: nkhope ndi chithunzi cha pachiphaso, nambala ya pachiphaso ndi ya pakona ya desiki, ndiponso nambala imene mwana walemba papepala lake. Mtanda usadulidwe m'mphindi zoyambirira, popeza wochedwa angathe kutulukira, ndipo akaloledwa kulowa, nthawi imene wafika ilembedwe pabokosi lake. Mwana akasamutsidwa, kaya chifukwa cha denga lodontha kapena kuti saona bwino pabolodi, muvi ujambulidwe pamapu kuchokera pamalo akale kufika patsopano.

Chomaliza, pepala lililonse la mayeso likhale ndi mapu akeake, olembedwa tsiku, phunziro ndi siginecha ya woyang'anira. Chingerezi amalemba onse, koma maphunziro osankha amalemba ena okha. Mapu a Chingerezi akagwiritsidwa ntchito tsiku la Jogalafe, madesiki ambiri akhala opanda anthu, ndipo wojomba weniweni abisala pakati pa amene sanalembetse n'komwe phunzirolo.