Lachisanu ndi la inki kapena la ndalama? Kukonza ziganizo zomatana mu imelo ya kuntchito

"Ogulitsa akuti inki ibwera Lachisanu tilipira zotsala." Mawu onse mumzerewu ndi olembedwa bwino, koma anthu awiri akhoza kuuwerenga n'kumva zosiyana. Woyang'anira sitolo amva kuti inki ifika Lachisanu. Wa kuakaunti amva kuti Lachisanu ndi tsiku lotulutsa ndalama. Palibe amene walakwa powerenga, chifukwa wolemba anamata ziganizo ziwiri osasonyeza pamene choyamba chathera, ndipo mawu oti "Lachisanu" agwera pamsoko penipeni.

Mzerewu wachokera mu imelo yachitsanzo, ya mtundu umene kalaliki wa kusitolo angalembe mothamanga m'mawa, mafoni akulira. Yonse ili motere:

"Bwana, katundu wa ku Limbe uja anafika dzulo, makatoni 40 a mapepala alipo onse, inki ya pulinta sinabwere. Ogulitsa akuti inki ibwera Lachisanu tilipira zotsala. Akufuna theka la ndalama lero, komabe invoisi ili ndi mtengo wolakwika, chonde musasaine vocha ndikakambirana nawo ndikuuzani."

Muli mavuto awiri apachibale. Loyamba ndi kulumikiza ziganizo zokwanira ndi mpatuliro wokha, kachizindikiro kamchira kamene m'maofesi ambiri amangokatchula kuti koma. Lachiwiri ndi kuzigundanitsa popanda chizindikiro chilichonse, monga zachitikira pa Lachisanu paja. Maimelo ambiri a m'maofesi a ku Malawi amalembedwa m'Chingerezi, ndipo aphunzitsi a Chingerezi ndiwo amalimbikira kwambiri lamuloli. Buku la William Strunk la malangizo a kalembedwe ka Chingerezi, limene linatuluka mu 1918, linali kale ndi lamulo loletsa kulumikiza nthambi zoima pazokha ndi mpatuliro. Koma vuto lake silisankha chiyankhulo, ndipo njira yolipezera ndi imodzimodzi.

Njirayo ndi yosavuta. Wolemba aike chala pa mpatuliro uliwonse, awerenge mawu a kumanzere paokha, kenako a kumanja paokha. Ngati mbali zonse ziwiri zingathe kutumizidwa pafoni ngati uthenga wathunthu, wolandira osafunsa kuti "ndiye?", pamenepo pakumana ziganizo ziwiri ndipo mpatuliro wokha sukwanira. M'mabuku a kusukulu, mawu otere amatchedwa nthambi yoima payokha, imene imakhala ndi mwininkhani ndi mneni, ganizo lake n'kutheratu.

Kuyesa njirayi pa imelo ija kumaonetsa zambiri. Mpatuliro wotsatira mawu oti "Bwana" ulibe mlandu, chifukwa "Bwana" si chiganizo, ndi kuitana chabe. Koma "katundu wa ku Limbe uja anafika dzulo" ndi uthenga wathunthu. "Makatoni 40 a mapepala alipo onse" ndi wathunthunso. Chimodzimodzi "inki ya pulinta sinabwere". Ziganizo zitatu zamangidwa ngati chimodzi, ndipo nkhani yofunika kwambiri, yoti inki kulibe, yakhala kumchira ngati yongowonjezera.

Olankhula Chichewa ali ndi chifukwa chapadera chogwera mumsampha umenewu. M'Chichewa, mneni amanyamula yekha mwininkhani. "Tilipira" ndi mawu amodzi, koma ndi chiganizo chathunthu: "ti" akuimira olipirawo, ndipo ganizo latha. "Ndafika", "zatheka", "asaina", onsewa ndi ziganizo. Poti ndi zazifupi chonchi, diso siliziona ngati ziganizo, ndipo dzanja limangoziphatika ku zinzake. Polankhula palibe vuto, chifukwa mawu amatsika ndipo munthu amapuma pang'ono pamene ganizo lathera. Papepala kutsika kwa mawu kulibe. Ntchito yonseyo imatsalira mpumiro, dontho lija lotsekera chiganizo.

Mpumiro ndiwo mankhwala oyamba, ndipo mu imelo yaifupi ndiwo oyenera nthawi zambiri. "Katundu wa ku Limbe uja anafika dzulo." Basi, nkhani imodzi yatha. Koma kudula paliponse ndi mpumiro kuli ndi mtengo wake. Kalaliki akalemba kuti "Makatoni 40 a mapepala alipo onse. Inki ya pulinta sinabwere.", galamala yakhala bwino, koma ubale wa mfundo ziwirizi wabisika. Zikutsutsana: china chafika, china ayi. Pamenepa pakufunika mlumikizi, ndiye kuti mpatuliro ukhalepo ndithu koma utsatidwe ndi mawu olumikiza: "Makatoni 40 a mapepala alipo onse, koma inki ya pulinta sinabwere." Bwana akangoona "koma" amadziwiratu kuti kukubwera vuto.

Kusankha mlumikizi kumafuna kuganiza, ndipo apa ndi pamene ambiri amachita ulesi. Amathira "ndipo" pa msoko uliwonse, imelo n'kukhala ngati mwana akusimba za ulendo wa kwa agogo. "Ndipo" amangowonjezera. "Koma" amatsutsa, "chifukwa" amapereka chifukwa, "kapena" amapereka mwayi wosankha. Nthawi zambiri mpatuliro wongoikidwa umabisa mfundo yoti wolembayo sanaganize bwino za mmene mfundo zake zikugwirizanirana, ndipo owerenga amasiyidwa kuti alote okha.

Mzere wa Lachisanu uja sungakonzedwe ndi galamala yokha. Mkonzi aliyense, ngakhale katswiri, sangadziwe poika mpumiro mpaka atafunsa kalalikiyo chimene ogulitsa ananena. Ngati Lachisanu ndi tsiku la inki, mpumiro ubwera pambuyo pake. Ngati ndi tsiku lolipira, ubwera patsogolo pake: "Ogulitsa akuti inki ibwera. Lachisanu tilipira zotsala." Palinso funso lina lobisika: kodi "tilipira zotsala" ndi mawu a ogulitsa kapena ndi maganizo a kalaliki? Tinene kuti zoona zake n'zakuti inki ifika Lachisanu, ndipo ofesi siyenera kutulutsa ndalama zotsala inkiyo isanaoneke. Pamenepo mpumiro wokha sunena zonse. Njira yabwino ndi kugonjetsa nthambi imodzi kuti idalire inzake: "Ogulitsa akuti inki ibwera Lachisanu. Ikafika, tilipira zotsala."

Mpatuliro wa pambuyo pa "Ikafika" uli pamalo ake. Munthu atalandira uthenga wongoti "Ikafika" adikira zotsatira, ndiye kuti nthambiyo siyoima payokha. Chichewa n'cholemera pa nthambi zoterezi, monga "atafika", "akasaina", "tisanalipire", "ngati avomera", ndipo zonsezi zimalandira mpatuliro popanda mlandu zikakhala kumayambiriro. Amene angomva kumene za lamuloli nthawi zina amapyola muyezo, n'kuyamba kudula ngakhale pamalo otere: "Inki ikafika. Tilipira zotsala." Uku n'kuchoka m'vuto lina kulowa m'linzake, chifukwa tsopano patsala chiduswa chopanda mathero.

Chiganizo chomaliza cha imeloyi ndicho choopsa kwambiri, chifukwa muli lamulo lokhudza ndalama. Mawu oti "chonde musasaine vocha" akwiriridwa pakati pa nthambi zina, ndipo bwana amene akuwerenga pafoni ali pamzere ku banki angathe kuona "theka la ndalama lero" ndi "vocha", n'kusaina. Pempho kapena lamulo liyenera kukhala ndi chiganizo chakechake. Apa ngakhale mlumikizi wabwino sathandiza, pakufunika mpumiro kutsogolo ndi kumbuyo.

Mawu oti "komabe" amafuna chidwi chapadera kwa amene amalemba m'Chingerezi. M'chiyankhulocho, alumikizi amene amaloledwa kumanga nthambi ziwiri zoima pazokha pambuyo pa mpatuliro alipo 7 okha, onse aafupi, ndipo ena mwa iwo ndi ofanana ndi "ndipo", "koma" ndi "kapena". Mawu aatali amene amatanthauza "komabe", "choncho" kapena "kuwonjezera apo" sali m'gululi, ngakhale amamveka ngati alumikizi. Kuwaika pambuyo pa mpatuliro wokha ndi kulakwitsa kumene kumapezeka ngakhale m'makalata a mabwana akuluakulu. Chizindikiro chake n'chakuti mawu oterewa amatha kusuntha, kukakhala pakati kapena kumapeto kwa chiganizo, pamene mlumikizi weniweni sachoka pamsoko. M'Chichewa anthu salimbikira kwambiri za "komabe", koma kuyamba naye chiganizo chatsopano kumamveka bwino m'ziyankhulo zonse ziwiri.

Palinso chizindikiro china, chija cha dontho pamwamba ndi mpatuliro pansi, chimene chimaloledwa kulumikiza nthambi ziwiri zoyandikana m'ganizo. Ndi cholondola, koma pa sikirini ya foni n'chovuta kuchisiyanitsa ndi mpatuliro wamba. Mu lipoti lalitali chili ndi malo ake. Mu imelo ya mizere isanu, mpumiro umagwira ntchito yomweyo popanda kuvutitsa maso.

Ikakonzedwa, imelo ija ikhala chonchi:

"Bwana, katundu wa ku Limbe uja anafika dzulo. Makatoni 40 a mapepala alipo onse, koma inki ya pulinta sinabwere. Ogulitsa akuti ibwera Lachisanu. Ikafika, tilipira zotsala. Akufuna theka la ndalama lero. Komabe, invoisi yawo ili ndi mtengo wolakwika. Chonde musasaine vocha. Ndikakambirana nawo, ndikuuzani."

Ziganizo zinali zitatu, tsopano zilipo 8, koma kutalika kwa imelo sikunasinthe kwenikweni. Izi zikuthetsa maganizo olakwika amene ambiri ali nawo, akuti chiganizo chomatana ndi chiganizo chachitali. Kutalika si mlandu. Chiganizo cha mawu 40 chikhoza kukhala cholondola ngati misoko yake yonse ili ndi alumikizi, pamene cha mawu awiri okha, monga "Ndafika tsegulani", ndi chomatana kale.

Kompyuta si yodalirika pa nkhaniyi. Mapulogalamu olembera monga Microsoft Word amagwira ena mwa mavutowa m'Chingerezi, ena n'kuwaphonya, ndipo mzere wa Lachisanu uja sangadziwe kuti tsikulo ndi la inki kapena la ndalama. Munthu akalemba m'Chichewa pa kompyuta imene inatcheredwa Chingerezi, pafupifupi mawu onse amatuluka ndi mzere wofiira kunsi, moti chenjezo lenileni silingaonekenso. Kuwerenga mokweza kumathandiza kuposa pamenepo, bola munthu asatsatire langizo lakale loti mpatuliro umaikidwa paliponse popumira, chifukwa langizo limeneli ndilo limabala vutoli. Chofunika kumvetsera ndi pamene mawu atsika ngati nkhani yatha.

N'zoona kuti olemba nthano ndi ndakatulo amamata ziganizo mwadala kuti nkhani ithamange, ndipo pa WhatsApp pakati pa abwenzi palibe amene amawerenga mipatuliro. Imelo ya kuntchito ndi yosiyana chifukwa imasungidwa, imatumizidwa kwa anthu ena amene sanamve nkhaniyo pakamwa, ndipo pakabuka mkangano wa ndalama imatulutsidwa ngati umboni. Amene alibe nthawi yoyesa mpatuliro uliwonse ayang'ane malo atatu okha asanatumize: pamene pali tsiku, pamene pali ndalama, ndi pamene pali pempho loti wina achite kapena asachite kanthu.