Kugula PlayStation 4 Yogwiritsidwapo Kale Ntchito: Zoyesa Ndalama Zisanatuluke M'thumba

PlayStation 4, imene ambiri amangoti PS4, inayamba kugulitsidwa mu Novembala 2013, ndipo mu 2016 kampani ya Sony inatulutsa mitundu ina iwiri, yopyapyala yotchedwa Slim ndi yamphamvu yotchedwa Pro. Chitulukireni PlayStation 5 mu 2020, anthu ambiri akhala akugulitsa makina awo akale. Makina otere amatha kukhala atadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, ndipo maonekedwe akunja sanena zambiri za umoyo wake. Wogula amalipira zinthu zitatu nthawi imodzi: makinawo, mapadi oseweretsera ndi magemu. Chilichonse chili ndi kayesedwe kake, ndipo ntchito yonse imafuna pafupifupi ola lathunthu pamalo pamene pali magetsi ndi wailesi yakanema.

Kuyang'ana makina asanayatsidwe

Choyamba ndi kudziwa mtundu weniweni wa makinawo. Kumbuyo kapena kunsi kwake kumakhala nambala yoyamba ndi zilembo CUH. Nambala za m'gulu la CUH-1000, CUH-1100 ndi CUH-1200 ndi za makina oyambirira, za m'gulu la CUH-2000 ndi za Slim, pomwe za m'gulu la CUH-7000 ndi za Pro. Kusiyanaku kumakhudza mtengo, chifukwa makina oyambirira ndi okalamba kwambiri ndipo fani yake imakhala itazungulira zaka zambiri. Ngati katoni ilipo, nambala yapadera ya makinawo iyenera kufanana ndi yolembedwa pakatonipo.

Kenako maso apite kumasikuluu ndi timasitika timene timawaphimba. Sitika yong'ambika kapena sikuluu yokalikakalika imasonyeza kuti makina anatsegulidwapo. Kutsegula pakokha si mlandu, poti ena amatsegula kuti achotse fumbi, koma wogulitsa ayenera kufotokoza chimene chinakonzedwa. Mabowo otulukira mpweya nawo amaulula zambiri. Fumbi loundana limatanthauza kuti makina akhala akutentha, ndipo timadontho takuda tokhala ndi kafungo koipa ndi chizindikiro cha mphemvu. Tizilomboti timakonda kufunda kwa mbali yolandirira magetsi ndipo timatha kuipsereza.

Polowera nthambo ya HDMI, imene imapititsa zithunzi ku wailesi yakanema, ndi malo amene amawonongeka kawirikawiri chifukwa cha kuzula ndi kulowetsa mokakamiza. Tochi ya foni imathandiza kuona ngati timano ta mkati tili topindika. Za magetsi, PS4 simavuta chifukwa imalandira mphamvu kuyambira mavoti 100 mpaka 240, choncho yochokera ku Japan kapena ku America imagwira ntchito pa mavoti 230 a ku Malawi, bola pulagi igwirizane ndi soketi. Makina monga Xbox 360 ndi Xbox One yoyambirira ndi osiyana: ali ndi kabokosi ka magetsi kapadera, ndipo kochokera ku America kamapsa kakalumikizidwa mwachindunji ku soketi ya kuno. Manambala olembedwa pakabokosiko ayenera kuwerengedwa kaye.

Kuyatsa ndi kudikira kuti atenthe

Makina abwinobwino akayatsidwa, kanyali kake kamaphethira mtundu wa buluu kwa kanthawi kochepa kenako n'kusanduka koyera, zithunzi n'kuoneka. Kakapitiriza kuphethira buluu popanda chithunzi, kapena makina akazima okha, vuto limakhala lalikulu ndipo malonda ayenera kuthera pomwepo. Chithunzi chikabwera, ndi bwino kugwedeza pang'ono nthambo ya HDMI pamene yalowera. Chithunzi chikathima kapena kuchita madonthomadontho, ayesenso ndi nthambo ina. Vuto likapitirira ndiye kuti polowera pake ndi pogwedera.

Zina makina amanena okha. Pa Settings > Storage pamaoneka kukula kwa malo osungira magemu, kumene nthawi zambiri kumakhala 500GB kapena 1TB, ngakhale kuti nambala yooneka imacheperako chifukwa mbali ina imatengedwa ndi pulogalamu yoyendetsa makinawo. Pa Settings > System > Error History pali mndandanda wa zolakwika zimene zinachitikapo pamodzi ndi masiku ake. Nambala ya CE-34878-0 imatanthauza kuti gemu inadzitseka yokha. Ikaoneka mwa apo ndi apo si nkhani, koma ikadzaza mndandanda wonse pa magemu osiyanasiyana, chosungira magemu kapena mbali ina ya mkati ingakhale ikutha.

Mavuto a kutentha saoneka m'mphindi zisanu zoyamba, n'chifukwa chake wogulitsa wothamangitsa zinthu ndi wofunika kumukayikira. Gemu yolemera iyenera kuseweredwa mphindi 30 kapena kupitirira. Fani imakweza mawu ndithu gemu ikafika povuta, koma ikamalira ngati chigayo kuyambira pachiyambi, ndiye kuti mkati mwadzaza fumbi kapena phala lothandiza kuchotsa kutentha linauma. Zimenezi amisiri amakonza, ndipo ndi chifukwa chomveka chotsitsira mtengo. Koma makina akalemba uthenga woti atentha kwambiri, kanyali n'kufiira, kapena akazima pakati pa gemu, ndi bwino kuwasiya.

Polowetsera disiki payesedwe ndi disiki imene wogula wabwera nayo, yodziwika kuti ndi yabwino. Makina ayenera kuikoka okha mosavuta, kuizindikira m'masekondi ochepa, ndi kuitulutsa batani likadinidwa. Izi zichitike kawiri kapena katatu. Makina ena oyambirira ali ndi chizolowezi cholavula disiki okha pakati pa masewera, ndipo vutoli limagwidwa pokhapokha gemu yoyesera ikuseweredwa kuchokera pa disiki.

Mapadi

Padi ya PS4 imatchedwa DualShock 4, ndipo nthenda yake yodziwika ili pa timitengo tiwiri toyendetsera. Tikatha, gemu imalandira lamulo ngakhale chala chisanakhudze. Kuyesa kwake n'kosavuta: gemu ya mpira ili mkati, padi iikidwe patebulo. Wosewera wa pakanema akayamba kuyenda yekha, kamtengoko katha. Mabatani onse adinidwe limodzilimodzi, makamaka L2 ndi R2 amene amafooka msanga. Padi iyesedwenso nthambo itazulidwa, chifukwa ya batire lakufa imazima nthawi yomweyo. Mapadi achinyengo aliponso ambiri. Kawirikawiri amapepuka m'manja, zilembo zake zimakhala zosaoneka bwino, ndipo mabatani ake amagogoda mouma.

Magemu a mkati ndi a yani?

Apa ndi pamene anthu ambiri amaluzira ndalama. Gemu yogulidwa pa intaneti siikhala ya makina, imakhala ya akaunti imene inaigula. Mwini akaunti akasankha Activate as Your Primary PS4 pa makina ena ake, aliyense wogwiritsa ntchito makinawo amatha kusewera magemu akewo. Koma akaunti imodzi imaloledwa kuchita zimenezi pa PS4 imodzi yokha.

Chitsanzo ndi ichi. Munthu akugulitsa Slim ya 500GB, mapadi awiri ndi magemu khumi a mkati, ndipo wakweza mtengo chifukwa cha magemuwo. Pa tsiku logula onse akutseguka bwinobwino. Patapita milungu iwiri, wogulitsa uja walowetsa akaunti yake pa PS4 ina n'kuisankha kukhala yake yaikulu. Makina a wogula akangolumikizidwa ku intaneti, pa chithunzi cha gemu iliyonse pamaoneka kaloko, ndipo magemu khumi aja satsegukanso ngakhale akadali mkati. Kupatsidwa imelo ndi pasiwedi sikuthetsa vutoli, chifukwa mwini wake woyamba angathe kuilanda akauntiyo pogwiritsa ntchito imelo kapena umboni wa malipiro, komanso malamulo a Sony salola kugulitsana maakaunti. Motero pokambirana mtengo, magemu a mkati awerengedwe ngati kulibe.

Palinso makina othyoledwa, amene pulogalamu yake inasinthidwa kuti izilola magemu okopera. Amadziwika ndi mawu monga GoldHEN kapena Debug Settings pa mndandanda wa Settings, ndiponso pulogalamu yakale, monga 9.00, imene imaoneka pa Settings > System > System Information. Makina otere salowa pa PlayStation Network popanda kulandira pulogalamu yatsopano, ndipo akangoilandira magemu okopera aja amasiya kutseguka.

Sony imathanso kutsekera makina enieniwo kuti asalowenso pa PlayStation Network ngati mwini wake anaphwanya malamulo, ndipo chiletsochi chimatsatira makinawo kulikonse kumene agulitsidwa. Njira yodziwira ndi kuwalumikiza ku intaneti ya pafoni n'kulowa ndi akaunti ya wogula. Makina oletsedwa amakana ndipo amalemba uthenga wonena za chiletsocho. Bandulo ikhale yokwanira, chifukwa makina angafune kukoka kaye pulogalamu yatsopano ya pafupifupi 500MB.

Magemu a pa disiki

Disiki ndiyo gemu imene munthu angaigule kwa mnzake n'kukhala yakeyake. Iyang'anidwe powala: timikwingwirima tosazama nthawi zambiri sitivuta, koma mng'alu woyambira pabowo la pakati umakula disiki ikamazungulira. Katoni itsegulidwe kuti dzina la pa disiki lifanane ndi la pachikuto, makamaka pa magemu a mpira otuluka chaka ndi chaka, monga FIFA, imene kuyambira 2023 inasintha dzina kukhala EA Sports FC. Magemu ena, monga Red Dead Redemption 2 ndi The Last of Us Part II, amabwera ndi madisiki awiri, ndipo imodzi yokha sikwanira. Timapepala ta manambala a zinthu zowonjezera timagwira ntchito kamodzi kokha, choncho tisawerengeredwe pa mtengo. Disiki ya kudziko lililonse imaseweredwa pa PS4 iliyonse, koma zowonjezera zogula pa intaneti zimafuna kuti dera la akaunti ligwirizane ndi dera la disikiyo.

Kulipira ndi kutseka malonda

Ndalama zisatsogole katundu. Wogulitsa amene akufuna chikole pa Airtel Money kapena Mpamba makina asanaoneke, ponena kuti pali ena akuwafuna, akupempha wogula kuti akhulupirire chithunzi chabe. Kukumana kuchitike masana, pamalo pa anthu pamene pali magetsi, ndipo wogula apite ndi mnzake. Makina otchipa modabwitsa, opanda nthambo ngakhale padi, amene wogulitsa sakudziwa pasiwedi ya akaunti ili mkatimo, angakhale obedwa, ndipo wopezeka ndi katundu wakuba amalandidwa katunduyo n'kuyankhanso mlandu.

Zonse zikayenda bwino, wogulitsa achotse makinawo pa akaunti yake posankha Deactivate pa Settings > Account Management > Activate as Your Primary PS4. Kenako afufute zonse pa Settings > Initialization > Initialize PS4. Njira ya Quick imatha msanga, pomwe ya Full imatenga maola angapo. Pomaliza palembedwe lisiti kapena kapepala kosonyeza tsiku, mtengo, nambala yapadera ya makina ndi mayina a onse awiri, ndipo ngati agwirizana masiku obwezera katundu akapezeka ndi vuto, masikuwo alembedwenso pomwepo.