Kachubu ka masentimita 3.2 koyezera zokongoletsa m'nyumba

Mwana wokwawa amayesa chilichonse ndi pakamwa, pomwe njira yake ya mpweya ndi yopapatiza ngati kachala kake kakanise. N'chifukwa chake ndisanaike chokongoletsa pamene mwana angafikire, ndimayamba ndachiyeza. Inunso mukhoza kutero.

Opanga zidole amagwiritsa ntchito kachubu kotambalala masentimita 3.2, kakuya pafupifupi masentimita 6. Chinthu chikalowa chonse m'kachubuko, ndiye kuti sichoyenera mwana wosakwana zaka zitatu. Tiyeni tipange kathu. Mukukumbuka C = πd? Tikachulukitsa 3.14 ndi 3.2 tipeza masentimita 10. Dulani katoni yotalika masentimita 11, mulifupi 6, muipinde ngati paipi, sentimita yotsalayo ikhale pomatira. Basi, chida chatheka.

Tsopano tiyeze mvuu yosema, ngati zija amasema ku Mua. Tinene kuti ndi yotalika masentimita 15. Siingalowe m'kachubu, koma musafulumire kukondwa. Timayeza kachidutswa kamene kangathothoke, osati chinthu chonse. Ngati maso ake ndi mikanda yomata, ikokeni ndi zala mwamphamvu. Ikagwedera, mvuuyo ikhale pamwamba pa kabati. Yosemedwa ku mtengo umodzi, yopanda zomatamata, ndiyo yabwino. Njere za malambe, tizigoba ta kunyanja ndi mabatani, zonsezi zimalowa m'kachubu, choncho zikakhala pa ulusi dziwani kuti tsiku lina ulusiwo udzaduka. Ngati pakhomo pali galu, onjezani funso lina: kodi akatafuna, chiphwanyika? Mano ake amasandutsa chachikulu kukhala tizidutswa.

Choopsa kuposa zonse ndi kabatire kaphwatalala konga ndalama yachitsulo, kamene kamakhala m'timagetsi tothwanima ndi m'makadi oimba. Kolembedwa CR2032 n'kotambalala masentimita 2, ndipo kali ndi mavoti atatu. Kakakakamira kummero, m'njira ya chakudya, mwana amapumabe bwinobwino, makolo n'kuganiza kuti palibe vuto. Koma malovu amalumikiza mbali ziwiri za kabatireko, magetsi n'kuyamba kuyenda. Magetsiwo amaphwanya madzi a m'malovu, ndipo kumbali ya (−) kumapangika mankhwala owotcha onga soda wopangira sopo. M'maola awiri okha mmero ukhoza kupsa kwambiri. Ngakhale kabatire koti kasiya kuyatsa nyali kamakhala katatsalabe ndi mphamvu yowotcha.

Zizindikiro zake ndi kuchucha dovu, kukana kudya, kusanza kapena kutsokomola. Mukangokayikira kuti mwana wameza kabatire, musamusanzitse ndipo musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala, kaya muli ku Golomoti kaya ku Mtakataka, mukanene mosabisa chimene wameza ndi nthawi yake.

Choncho chokongoletsa cha batire chikhale ndi chitseko chomanga ndi sikuluwu. Chotsekuka ndi chikhadabo chisakhale m'nyumba ya mwana wokwawa.