Yogati amafewetsa nyama, koma musapyole maola 24

Amwenye akamaphika nkhuku ya tanduri amayamba ayinyika mu yogati. Chinsinsi chake n'chiyani? Yogati ali ndi asidi wa mkaka amene amamasula minofu pang'onopang'ono, ndiye nyama siuma poiotcha. Viniga ndi mandimu ndi aukali, sachedwa kuononga kunja kwa nyama.

Komatu asidiyu salowa patali, n'chifukwa chake ine ndimayamba ndaichekacheka nyamayo. Pa kilo imodzi ndimathira mchere ndi kapu imodzi ya yogati wopanda shuga. Wa shuga amapserera pamoto.

Nkhuku ikhalemo maola 4 mpaka 12, mbuzi kapena ng'ombe usiku wonse, nsomba mphindi 30 basi. Zonsezi mufiriji, abale, osati pawindo! Ikapyola maola 24, mukaikhudza mudzamva kunja kwake kutachita ngati phala.